Katundu woyalidwa pa bimu: kumusandutsa fosi imodzi ndi kupeza pomwe ikukankha

Funso: "Akulu ndithandizeni. Ndili ndi bimu ya mamita 6, masapoti A ndi B ali kumapeto konse. Pali katundu woyalidwa mofanana, UDL ya 4 kN/m yoyambira 1 m kuchokera pa A mpaka pa 4 m. Ine ndapeza fosi ya 12 kN nkuiika pakati pa bimu, ndiye A ndi B iliyonse yatenga 6 kN, koma ansala ya aphunzitsi ndi 7 ndi 5. Ndalakwitsa pati? Nanga fosi imodziyi ndingapitirize nayo mpaka pojambula dayagiramu ya momenti?"

Yankho:

12 kN yanuyo ili bwinobwino, musaikhudze. Chomwe chasokoneza ndi malo omwe mwaiimika. Fosi imodzi ija imakhala pakati pa katundu, osati pakati pa bimu, ndipo malo awiriwa amangofanana pokhapokha katunduyo atayalidwa mofanana mbali zonse za pakati pa bimuyo, mwachitsanzo kuchokera uku mpaka uko. Mafunso ambiri oyambirira m'kalasi amakhala otero, nde mutu umazolowera kuti "theka la bimu basi", kenako likabwera funso ngati lanuli munthu amangoponya muvi pakati osayang'ananso.

Tiyambe ndi kukula kwa fosiyo ngakhale mwakupeza kale, chifukwa pali ena amagwera pompano. 4 kN/m ikutanthauza kuti mita iliyonse yomwe yasenza katundu ikulandira 4 kN. Mamita omwe asenza ndi ochokera pa 1 mpaka pa 4, amenewo ndi atatu, osati 6 komanso osati 4. Wina amachulukitsa ndi 6 poti ndi kutalika kwa bimu nkupeza 24, wina amatenga 4 poti ndi nambala yomwe yalembedwa kumapeto kwa katundu nkupeza 16. Onsewo ataya. Kutalika komwe timafuna ndi pomwe katundu wathera kuchotsapo pomwe wayambira.

```
W = w × (b − a) = 4 × (4 − 1) = 12 kN
x = (a + b) / 2 = (1 + 4) / 2 = 2.5 m
```

Apa w ndi katundu wa pa mita iliyonse, W ndi fosi imodzi ija, x ndi malo ake, a ndi pomwe katundu wayambira, b ndi pomwe wathera, zonse poyeza kuchokera pa A. Muthanso kuganiza chonchi: yendani 1 m kuchokera pa A kuti mufike poyambira katundu, kenako muonjezere theka la mamita atatu aja, 1.5, mwafika pa 2.5. Chenjerani ndi 1.5 ameneyu, ambiri amamutenga yekha nkumulowetsa mu momenti ngati kuti katundu wayambira pa A penipeni, kuiwala mita imodzi yopanda kanthu ija.

Tsopano masapoti. Tengani mamomenti pa A kuti riyakishoni ya pa A, RA, yomwe ndi fosi yomwe sapotiyo ikukankhira nayo bimu, isalowemo, popeza mtunda wake kuchokera pa A ndi ziro. Fosi ya 12 kN ikufuna kutembenuza bimu kupita pansi ndi mkono wa 2.5 m, riyakishoni ya pa B ikukaniza ndi mkono wa 6 m.

```
RB × 6 = 12 × 2.5 = 30
RB = 5 kN
RA = 12 − 5 = 7 kN
```

Ndi 7 ndi 5 wa aphunzitsi uja. Ndipo musanagwire nkomwe kalikuleta diso likanakuuzani kuti 6 ndi 6 sizingatheke. Yang'anani chojambulacho: mbali ya A mwatsala mita imodzi yopanda katundu, mbali ya B mwatsala mamita awiri. Katundu wapendekera kwa A, ndiye A ayenera kusenza zambiri. Anthu awiri akanyamula thabwa lomwe ayalapo njerwa, yemwe njerwazo zamuyandikira ndi amene amamva kuwawa paphewa. Chizolowezi chabwino ndi kutenganso mamomenti pa B ngati cheki: fosi ili 3.5 m kuchokera pa B, 12 × 3.5 ndi 42, kugawa ndi 6 ndi 7. Zagwirizana. Cheki yongophatikiza RA ndi RB nkuona kuti zakwana 12 siigwira vuto ngati lanuli, 6 kuphatikiza 6 nayonso ndi 12 eti, ndiye simungadziwe kuti muvi uli pamalo olakwika. Ngakhale cheki ya pa B imagwira pokhapokha mtunda wa 3.5 uja mwauyeza mwatsopano pa chojambula, kuyambira pa B: mamita 2 opanda kanthu kuonjezera 1.5. Mukangochotsa nambala yanu yoyamba pa 6 ndiye kuti cholakwika chija mwasamuka nacho.

Koma bwanji pakati? Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa mukamvetsa izi simudzalowezanso. Kuti fosi imodzi ilowe m'malo mwa katundu yense, iyenera kuchita zinthu ziwiri zomwe katunduyo amachita pa bimu yonse. Iyenera kukankhira pansi ndi mphamvu yofanana, komanso iyenera kufuna kutembenuza bimu mofanana, kutanthauza kuti momenti yake ikhale yomweyo pa malo alionse omwe mungasankhe. Choyamba chija ndi chomwe chimatipatsa 12 kN. Chachiwiri ndi chomwe chimatiuza malo. Fosi ya 12 kN mutha kuiika paliponse nkukwaniritsa choyambacho, koma pali malo amodzi okha omwe chachiwiri chimatheka.

Tiyese ndi manja. Duladulani katundu wanu m'zidutswa zitatu za mita imodzi imodzi, chilichonse ndi 4 kN. Choyamba chili pakati pa 1 ndi 2, tichiike pa 1.5. Chachiwiri pa 2.5, chachitatu pa 3.5. Mamomenti ake pa A ndi 6, 10 ndi 14, pamodzi 30 kNm. Mwina munganene kuti ndabera poti chidutswa chilichonse ndachiika pakati pake, chomwe ndi chinthu chomwe tikufuna kutsimikiza. Chabwino, dulani zidutswa 6 za theka la mita, chilichonse 2 kN, pa 1.25, 1.75, 2.25, 2.75, 3.25 ndi 3.75. Mitunda imeneyi mukaiphatikiza ndi 15, kuchulukitsa ndi 2 ndi 30 yemweyo. Mukamadulabe tizidutswa timachepa mpaka zoti mwakaika pati mkati mwa kachidutswa zilibenso ntchito, koma 30 sasuntha. Ndiye funso limangokhala lakuti, 12 kN ndiiike patali bwanji kuti indipatse 30? 30 kugawa ndi 12 ndi 2.5.

Yang'anitsitsani mitunda ija muona chomwe chikuchitika. 1.25 ndi 3.75 onse ali 1.25 m kuchokera pa 2.5, wina kumanzere wina kumanja. 1.75 ndi 3.25 chimodzimodzi, 2.25 ndi 2.75 chimodzimodzi. Kachidutswa kalikonse ka kumanzere kali ndi kanzake kumanja kolemera mofanana pa mtunda wofanana, ndiye mukaima pa 2.5 mamomenti awo amafafanizana onse nkutsala ziro. Zikutheka chifukwa katunduyo ndi wofanana paliponse, mita iliyonse 4 kN. Kwa omwe afika kale pa intagireshoni, nkhani yomweyi imalembedwa motere:

```
M = ∫ w x dx (a → b) = w (b² − a²) / 2
  = w (b − a) × (a + b) / 2
```

Mbali yoyamba, w(b − a), ndi fosi yathu ija, mbali yachiwiri ndi pakati pa katundu. Ndi manambala anu, 4 × (16 − 1) / 2 ndi 30. M'mabuku mfundo yoti momenti ya fosi yophatikiza ndi yofanana ndi mamomenti a tizidutswa take mutawaphatikiza amaitchula ndi dzina la Varignon, mukakumana nalo musadabwe, ndi zomwe tachitazi.

Njira ina yoonera zomwezi, yomwe idzakuthandizeni katundu akadzasiya kukhala wofanana: pa chojambula UDL imaoneka ngati rekitango, msinkhu wake 4, m'litali mwake 3. Eliya ya rekitangoyo ndiye fosi, ndipo fosiyo imadutsa pa sentiroidi yake. Katundu akakhala wa thirayango, woyambira ziro nkumakwera mpaka w, eliya ndi theka la w kuchulukitsa kutalika, ndipo sentiroidi ili pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera mbali yolemerayo. Lamulo la "pakati" ndi la rekitango yokha, musalitengere kwina.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa loyamba. Yankho ndi ayi. Fosi imodziyi ndi yopezera mariyakishoni, mukawapeza ifufuteni pa pepala mubwezeretse katundu weniweni. Chifukwa chake nchakuti masapoti amangoona katundu yense pamodzi, kulemera kwake ndi momenti yake, pomwe mkati mwa bimu malo alionse amamva katundu yemwe ali mbali imodzi ya malowo. Bimu yeniyeniyo palibe pomwe yabayidwa ndi 12 kN pamalo amodzi.

Tione kusiyana kwake ndi manambala. Mukapitiriza ndi fosi imodzi ija, momenti yopinda bimu pa 2.5 m muipeza 7 × 2.5, yomwe ndi 17.5 kNm, ndipo dayagiramu yanu ikhala ya mizere iwiri yowongoka yokumana pansonga yakuthwa. Tsopano tichite zoona zake. Dulani bimu pa 2.5 m muyang'ane chidutswa cha kumanzere chokha. Pachidutswacho pali RA ya 7 kN yokankhira m'mwamba, ndi katundu wochokera pa 1 mpaka pa 2.5, amene ndi 1.5 m yokha. Apa njira yathu ija ikugwiranso ntchito, koma pa katundu yekhayo yemwe ali pachidutswachi: 4 × 1.5 ndi 6 kN, ndipo ikukhala pakati pa 1.5 m ameneyo, kutanthauza 0.75 m kuchokera podulapo.

```
M = 7 × 2.5 − 6 × 0.75 = 17.5 − 4.5 = 13 kNm
```

13, osati 17.5. Ndiye mwaona kuti sikuti njirayo ndi yoletsedwa mkati mwa bimu, nkhani ndi yoti mumayamba mwadula, kenako nkusandutsa katundu wotsala pachidutswa chanucho. Mukasuntha podula, fosi ija imasintha kukula ndipo imasinthanso malo. Amene amalakwitsa ndi amene amasandutsa kaye katundu yense nkudula pambuyo.

Ndipo sizithera pa kukula kokha, malo a momenti yaikulu nawonso si pa 2.5. Momenti imafika pachimake pomwe shiya, yomwe ndi mafosi onse a m'mwamba ndi pansi a mbali imodzi ya podula mutawaphatikiza, yafika ziro. Kuchokera pa A mpaka pa 1 m shiya ndi 7 kN, siisintha poti palibe katundu. Ikalowa mu katundu imayamba kutsika ndi 4 kN pa mita iliyonse, ndiye kuti 7 athe pafunika 7 / 4, yomwe ndi 1.75 m. Onjezerani mita yoyamba ija, shiya ikufika ziro pa 2.75 m kuchokera pa A. Pamenepo katundu wa kumanzere ndi 4 × 1.75, 7 kN, mkono wake 0.875 m.

```
Mmax = 7 × 2.75 − 7 × 0.875 = 19.25 − 6.125 = 13.125 kNm
```

Mutha kuchekera kuchokera kwa B: mtunda ndi 3.25 m, 5 × 3.25 ndi 16.25, katundu wa mbali imeneyo ndi wa 1.25 m, 5 kN pa mkono wa 0.625, imeneyo ndi 3.125, mukachotsera mupeza 13.125 yemweyo. Dayagiramu yoona ndi mzere wowongoka kuchokera pa ziro mpaka 7 kNm pa 1 m, kenako imapindika mwa parabola pansi pa katundu yense, nkudzafika pa 10 kNm pa 4 m, kenako mzere wowongoka mpaka ziro pa B. Mukajambula dayagiramu ya momenti nkuona nsonga yakuthwa pansi pa UDL, kapena dayagiramu ya shiya ikudumpha mwadzidzidzi ndi 12 pamalo omwe palibe fosi yeniyeni ya pamalo amodzi, dziwani kuti muvi wongoyerekeza uja mwaiwala kuufufuta. Aphunzitsi akamachonga amazindikira zimenezi ndi diso lokha asanawerenge nambala ngakhale imodzi.

Chosangalatsa nchakuti kunja kwa katundu njira ziwirizi zimagwirizana. Pa 1 m zonse zikupereka 7, pa 4 m zonse zikupereka 10, pa 5 m zonse 5. Nzomveka, mukadula kunja kwa katundu ndiye kuti katundu yense wagwera mbali imodzi, ndipo fosi ya 12 kN ndi yololedwa. Kusiyana kumangobwera pakati pa 1 ndi 4 basi.

Pa bimu yomwe yasenza UDL kuchokera pa sapoti mpaka pa sapoti kusiyanaku kumakula kwambiri. Ngati L ndi kutalika kwa bimu, momenti yoona ya pakati ndi wL²/8, pomwe fosi imodzi pakati imapereka wL²/4, kawiri ndendende. Kupindikira pansi kwa bimu nakonso, fosi imodziyo imakupatsani nambala yoposa yoona ka 1.6. Ena amati palibe vuto poti kulakwitsako kukupita mbali yotetezeka, bimu ingokhala yaikulu kuposa yofunikira. Pa bimu ya masapoti awiri kumapeto ngati yanuyi nzoona, mungoononga ndalama ya zitsulo ndi konkire. Koma musazolowere maganizo amenewo, chifukwa pali mabimu ena omwe kulakwitsa kwake kumatembenukira mbali yoopsa.

Tengani bimu yomweyi ya mamita 6, muonjezere sapoti yachitatu pakati penipeni, katundu wa 4 kN/m ayale bimu yonse. Fosi imodzi ndi 24 kN ndipo ikugwera pa 3 m, pamwamba penipeni pa sapoti ya pakatiyo. Mukaikhulupirira ikuuzani kuti sapoti ya pakati yasenza 24 yense, akumapeto alibe kanthu, ndipo bimu siikupindika olo pang'ono, momenti ziro paliponse. Zimenezo ndi zabodza poyera. Ansala yoona, ngati bimuyo ndi yofanana ponseponse ndipo masapoti ali pa levulo imodzi, ndi 15 kN pakati ndi 4.5 kN kumapeto kulikonse, komanso pamwamba pa sapoti ya pakati pali momenti ya 4.5 kNm yopindira bimu m'mwamba, yomwe pa konkire imafuna zitsulo kumtunda. Chavuta apa nchakuti masapoti achuluka kuposa maikwezhoni omwe kukhazikika kwa bimu kumatipatsa, ndiye momwe masapoti amagawanira katundu zimadalira momwe bimuyo ikupindikira, ndipo kupindikako kumadalira momwe katundu wayalidwira. Maikwezhoni awiri aja akadali oona, 4.5 ndi 15 ndi 4.5 zikukwanabe 24 ndipo mamomenti akufafanizana, koma paokha sangakuuzeni magawidwewo. Ndiye ngakhale pa mariyakishoni, fosi imodzi imakumalizirani ntchito pa mabimu okhawo omwe amatheka ndi maikwezhoni a kukhazikika, monga ya masapoti awiri, kapena kantiliva yomwe yagwiridwa mbali imodzi yokha.

Ya masapoti awiri yomwe mbali ina yapitirira sapoti nkulendewera, imeneyo ilibe vuto. Olo katundu adutse pamwamba pa sapoti B nkukafika kunsonga, popeza mariyakishoni mutha kumutenga yense ngati fosi imodzi pakati pake, palibe chifukwa chomudulira pa sapoti. Mukafuna kumudula pawiri ansala ituluka yomweyo, bola chidutswa chilichonse chikhale ndi fosi yake pakati pake. Ndipo fosiyo ikagwera kunja kwa masapoti, riyakishoni ya sapoti yakutaliyo ituluka ya mainasi, musaiope, ikungotanthauza kuti mbali imeneyo bimu ikufuna kunyamuka ndipo sapoti iyenera kuigwirira pansi.

Kanthu kena komwe mudzakumane nako posachedwa ndi kulemera kwa bimu yeniyeniyo. Nakonso ndi UDL, koma koyala mamita onse 6. Tinene kuti bimu yanu ndi ya konkire ya zitsulo, 0.15 m m'lifupi ndi 0.4 m kuya kwake. Konkire yotere timaiwerengera pafupifupi 25 kN/m³, ndiye 0.15 × 0.4 × 25 ikupereka 1.5 kN/m. Kuchulukitsa ndi 6 ndi 9 kN, ndipo iyi ndiye ikukhaladi pa 3 m, pakati pa bimu, poti katundu wake wayala ponse. Musaphatikize 4 ndi 1.5 nkunena kuti 5.5 kN/m pa bimu yonse, 5.5 alipo pakati pa 1 ndi 4 pokha. Chophweka ndi kupatsa katundu aliyense muvi wake. Momenti pa A ikhala 30 kuphatikiza 27, 57, ndiye RB ndi 9.5 kN ndipo RA ndi 21 kuchotsa 9.5, 11.5 kN. Akakufunsani fosi imodzi yoimira zonse ziwiri, ndi 21 kN, malo ake 57 / 21, pafupifupi 2.71 m kuchokera pa A. Onani kuti yagwera pakati pa 2.5 ndi 3 koma yayandikira 2.5, mbali ya katundu wolemerayo. Ikatuluka kunja kwa malo awiriwa pomwe mafosi onse akuloza pansi, bwererani muone masamu.

Mayunitsi nawo muziwayang'ana musanachulukitse. Akakupatsani kN/m² ameneyo ndi katundu wa pa silabu, sanafike pokhala wa pa bimu, muyambe mwachulukitsa ndi m'lifupi mwa silabu yomwe bimuyo ikusenza kuti mupeze kN/m. Mwachitsanzo 2 kN/m² pa silabu yomwe bimu ikunyamulako mamita 2 m'lifupi ndi 4 kN/m wanu uja. Akakupatsani kg/m chulukitsani ndi 9.81 kuti mupeze N/m. Ndipo mitunda ikalembedwa m'mamilimita pomwe w ali mu kN/m, isintheni kaye, apo ayi 4 × 3000 ikupatsani 12000 kN pa kabimu ka mamita 6.